Malungo akasanduka matenda a m'matumbo

Pali mapepala ena a kafukufuku, osindikizidwa kale m'magazini a akatswiri, omwe m'kati mwake malungo amatchedwa `intestinal sickness`, kutanthauza matenda a m'matumbo. Ena amawatcha `jungle fever`, ngati kutentha thupi kwa m'nkhalango. Palibe namwino, dokotala kapena mlangizi wa zaumoyo amene adagwirapo mwana wotentha thupi, kumubaya chala ndi kudikira mizere iwiri pa kachipangizo koyezera, amene angalembe mawu otere. Amawalemba ndi makina. Munthu amatenga ndime ya pepala la mnzake, n'kuiika m'pulogalamu ya pa kompyuta yomwe ntchito yake ndi kuchotsa mawu n'kuikapo ena ofanana nawo, kuti pulogalamu ina yogwira akuba zolemba isazindikire komwe ndimeyo idachokera. Makinawo sadziwa kuti dzina la matenda silisinthidwa. Kwa iwo malungo ndi mawu ngati ena onse.

Mchitidwewu udaonekera poyera mu 2021, pamene Guillaume Cabanac wa ku Toulouse, Cyril Labbé wa ku Grenoble ndi Alexander Magazinov adafotokoza za mawu opotokawa, omwe adawapeza ochuluka m'magazini ina ya za makompyuta. Kuchokera apo Cabanac adakonza Problematic Paper Screener, pulogalamu yomwe imafufuza mawu otere m'mapepala osindikizidwa. Pa mndandanda wake pali `bosom peril` m'malo mwa khansa ya m'mawere ndi `kidney disappointment` m'malo mwa kulephera kwa impso, ngati kuti impsoyo idakhumudwa ndi zinazake. Zimaseketsa ndithu, koma pepala lotere limasonyeza zinthu ziwiri zosaseketsa: wolembayo adabisa kuba, ndipo amene adapatsidwa ntchito youliunika sadaliwerenge.

Nkhaniyi ikhoza kuoneka yakutali kwa mlangizi wa zaumoyo wa ku Bembeke kapena namwino wa ku Lobi, koma si yakutali. Mapepala ambiri onena za umoyo m'maboma amachokera m'makaundula omwe iwo amalemba: wa ana osakwana zaka zisanu, wa amayi oyembekezera, wa odwala ongobwera ndi kubwerera. Ziwerengerozo zimalowa mu DHIS2, ophunzira ndi ofufuza amazitenga, ndipo zina zimathera m'magazini monga Malawi Medical Journal, yomwe imatuluka kuchokera ku sukulu ya ukachenjede ya zaumoyo ya Kamuzu. Pepala likasindikizidwa, ochepa kwambiri amaliwerenga lonse. Ambiri amawerenga chidule chokha, kandime ka mawu 250 kapena 300 komwe kamakhala pamwamba, ndipo ndi kandime komweko kamene kamatchulidwa pa msonkhano wa akuluakulu a zaumoyo pokambirana komwe maneti kapena zoyezera magazi zipite. Chidule chikanama, ntchito ya amene adalemba kaundula mosamala imasanduka umboni wa chinthu chomwe sichidachitike.

Mawu opotoka ndiwo osavuta kugwira, ndipo sayenera kudya nthawi yambiri. Wounika wodziwa ntchito yake amapunthwa nawo yekha. Chizindikiro china chodalirika ndi zilembo zoimira dzina: makina amasintha mawu koma amasiya zilembozo momwe zidalili. Motero pepala limatha kutchula dzina lachilendo la chifuwa chachikulu koma pambali pake pali TB, kapena dzina losamveka la sikelo ya amayi oyembekezera pambali pake pali ANC. Zilembo zikasiyana ndi mawu omwe zikuyenera kuimira, pali pofunika kufufuza. Wounika amabwezeretsa mawu enieniwo m'chiganizo, n'kuchilemba m'malo ofufuzira pa intaneti, ndipo nthawi zambiri pepala lomwe lidaberedwa limatulukira.

Chidule chosalala

Vuto lalikulu lidabwera kumapeto kwa 2022, ChatGPT itatulutsidwa. Makina a mtundu uwu sapotoza mawu. Amalemba Chingerezi chosalala, chopanda cholakwika cha galamala, chomveka ngati cha munthu amene adasindikizapo mapepala makumi angapo. Catherine Gao ndi anzake ku Northwestern University adayesa kuona ngati anthu angazindikire. Adatenga mitu ya mapepala 50 a m'magazini asanu otchuka a zachipatala, n'kuuza makinawo kuti alembe chidule cha pepala lililonse kuchokera pa mutu wake ndi dzina la magazini basi. Kenako adasakaniza zidule zenizeni ndi zopekazo, n'kuzipereka kwa ounika omwe adauzidwiratu kuti zina ndi za makina. Ounikawo adagwira 68 pa 100 zilizonse za zopeka. Zotsalazo zidadutsa ngati zenizeni. Komanso 14 pa 100 za zidule zenizeni adaziyesa za makina. Ziwerengero zonse za m'zidule zopekazo zidali zongopeka, koma kuchuluka kwa odwala omwe makinawo ankatchula kunkafanana ndi kwa kafukufuku weniweni wa matendawo, moti sikunkadabwitsa.

Apa ndi pamene mwambi wa chikomekome cha mkuyu umagwira ntchito, pakuti nyererezo sizioneka pokhapokha munthu atang'amba chipatsocho. Kung'ambako n'kotheka, ndipo sikufuna pulogalamu iliyonse. Chitsanzo chotsatirachi n'chongoyerekeza, pamodzi ndi manambala ake, koma njira yake ndi yomwe ounika osamala amatsata.

Pepala lafika kwa mkonzi, lonena za malungo pakati pa ana osakwana zaka zisanu m'boma la Dedza. Chidule chake chikuti ana 120 adayezedwa magazi m'miyezi ya Juni ndi Julayi, pomwe malungo amafika pachimake, ndipo 38.9 pa 100 alionse adapezeka ndi malungo. Chikutseka ndi kunena kuti pakufunika kudziwitsa anthu ndi kulimbikitsa mgwirizano wa mbali zonse zokhudzidwa. Chingerezi chake chilibe banga.

Choyamba wounika amatenga foni n'kuwerengetsa. Ana amawerengedwa athunthu, palibe theka la mwana. Ana 46 mwa 120 ndi 38.3 pa 100. Ana 47 mwa 120 ndi 39.2 pa 100. Pakati pa 46 ndi 47 palibe mwana wina, choncho 38.9 singatuluke pa ana 120. Izi pazokha si umboni wa chinyengo. Mwina ana ena adachotsedwa chifukwa zotsatira zawo zidasowa, ndipo nambala yogawira idasintha popanda wolemba kunena. Koma tsopano wounika ali ndi chifukwa chotsegulira tebulo la zotsatira ndi kuyerekeza mzere ndi mzere. Munthu amene adadziwerengetsera yekha akalakwitsa, cholakwacho chimakhala ndi mchira: nambala yolakwikayo imapezekanso penapake m'pepalamo, kapena imaoneka kuti manambala awiri adasinthana malo. Nambala yopekedwa ndi makina ilibe mchira. Ili m'chidule mokha, ndipo palibe kuwerengetsa kulikonse kwa m'matebulo komwe kungaibereke.

Chachiwiri ndi nyengo. Aliyense amene adagonapo pa boma la Dedza mu Juni amadziwa kuti imeneyo ndi nthawi ya chisanu, ya mabulangete awiri ndi nkhungu ya m'mawa, pomwe chimadzaza mabenchi a chipatala ndi chifuwa ndi chibayo. Malungo m'dziko muno amachuluka m'nyengo ya mvula ndi itangotha kumene. Makina amene auzidwa miyezi ya kafukufuku amatha kuwonjezera okha chiganizo chokometsera chakuti imeneyo ndiyo nthawi ya malungo ambiri, chifukwa ziganizo zotere zimapezeka kawirikawiri m'mapepala omwe adaphunzirapo. Wolemba amene adatoleradi magaziwo atavala juzi sangalole chiganizocho kudutsa, pokhapokha ngati sadawerenge chidule chake chomwe.

Chachitatu, chomwe n'chachikulu kuposa zonse, ndi malo. Dedza si dera limodzi. Tawuni ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,600, ndipo madera okwera monga Bembeke ndi ozizira, a mbatatesi ndi mapichesi. Koma boma lomwelo limatsika chigwembe kukafika ku Mua, Mtakataka ndi Golomoti, kufupi ndi nyanja, komwe kuli kotentha ndipo mtunda wake ndi mamita pafupifupi 500 okha. Kutentha kumafulumizitsa kukhwima kwa tizilombo ta malungo m'mimba mwa udzudzu. Kuzizira kumakuchedwetsa, moti udzudzu wambiri umafa tizilomboto tisanakonzeke kulowa mwa munthu wina. N'chifukwa chake nambala imodzi ya boma lonse siuza munthu chilichonse ngati sizikudziwika kuti anawo adachokera kumtunda kapena kunsi. Pepala lolembedwa ndi munthu wodziwa deralo limatchula zipatala, limagawa zotsatira, ndipo limadandaula kuti ana a kunsi adachepa kapena adachuluka. Pepala lomwe makina adalemba limatchula Dedza pamutu, kenako dzinalo likhoza kuchotsedwa n'kuikapo Nsanje kapena boma la dziko lina popanda chiganizo china chilichonse kusintha. Ounika ena amachitadi zimenezi m'maganizo: amasintha dzina la malo n'kuona ngati pali chomwe chagwa. Ngati palibe, pepalalo silidafikeko kumaloko.

Mapeto a chidulecho amaululanso. Kudziwitsa anthu ndi kulimbikitsa mgwirizano ndi malangizo omwe angalembedwe kafukufuku asanayambe n'komwe. Zotsatira zenizeni zimabereka langizo lokhala ndi dzina ndi malo, monga lakuti zoyezera magazi zinkatha msanga m'zipatala za m'midzi za kunsi, choncho kagawidwe kake kaonedwenso. Komabe apa pafunika chilungamo: malangizo opanda mano adayamba kale makina asanabwere, ndipo anthu ambiri amawalemba ndi manja awo.

Gawo lotupa

Chimodzimodzinso gawo lofotokoza zomwe ena adalemba kale. Kutupa kwake si tchimo la makina okha. Ophunzira ambiri adazolowera kuti mutu wachiwiri wa buku lomalizira maphunziro uzikhala wonenepa, ndipo pofupikitsa bukulo kuti likhale pepala amaumirira kusunga mafuta onsewo. Chomwe makina achita ndi kuchotsa thukuta: masamba anayi omwe kale ankatenga milungu tsopano amatuluka madzi a tiyi asanawire.

Gawo lotere lili ndi kayendedwe kake kodziwika. Limayamba ndi dziko lonse lapansi, kutsikira ku Afirika, n'kufika ku Malawi m'ndime yomaliza litatopa. Ndime iliyonse imatchula kafukufuku mmodzi, kunena chomwe adapeza, n'kudumphira kwa wina, popanda kunena ngati awiriwo akugwirizana kapena akutsutsana. Chiganizo chodziwika kwa aliyense, chakuti malungo amafala ndi udzudzu, chimatsatiridwa ndi mapepala asanu ndi limodzi ochichitira umboni, pomwe chiganizo chomwe chikufunadi umboni chimaima chokha. Ndipo zaka zimasakanikirana. Malawi idasiya kolorokwini n'kuyamba SP mu 1993, idasamukira ku LA mu 2007, ndipo zoyezera magazi zachangu zidafalikira m'zipatala mu 2011. Kafukufuku wa 2004 wowerenga ana omwe adapatsidwa mankhwala chifukwa chongotentha thupi sangaikidwe pambali pa wa 2019 wowerenga ana oyezedwa magazi ngati kuti akuwerenga chinthu chimodzi. Wolemba amene adawerengadi mapepalawo amaona kusiyanako n'kukutchula. Makina amangowandandalika ngati matumba a chimanga.

Choopsa kwambiri ndi mapepala omwe kulibeko. William Walters ndi Esther Wilder adayesa zimenezi mu 2023, ndipo adapeza kuti mwa mabuku ndi mapepala omwe GPT-3.5 idatchula, 55 pa 100 adali opeka. A GPT-4 adali 18 pa 100. Pepala lopeka limaoneka bwino: maina a ofufuza enieni omwe adalembapo za matendawo, magazini yeniyeni, chaka chomveka, koma mutu womwe palibe adaulembapo. Kuligwira n'kosavuta. Wounika amasankha mapepala asanu, makamaka omwe akuchirikiza mfundo yaikulu, n'kulemba mutu wa lililonse mu PubMed kapena Google Scholar, kapena kuika nambala yake ya DOI pa `doi.org`. Lopekalo silipezeka, kapena nambalayo imatsegula pepala lina losakhudzana nalo. Chovutirapo ndi pamene pepalalo lilipodi koma silinena zomwe akuliikira m'kamwa, mwina ndi la akuluakulu pomwe chiganizo chikunena za ana, mwina ndi la dziko lina. Pamenepo palibe chidule cha njira; wounika ayenera kulitsegula ndi kuliwerenga.

Pomwe ounika amaphonya

Ounika nawonso ali ndi mlandu wawo, ndipo ndi umene umakhudza kwambiri olemba a kuno. Chifukwa kuwerengetsa ndi kutsegula mapepala kumatenga nthawi, ena apeza njira yachidule: amanunkhiza Chingerezi. Mawu ena, monga `delve`, adachulukadi m'zidule za zachipatala kuyambira 2023, ndipo gulu la Dmitry Kobak ku Tübingen lidagwiritsa ntchito mawu otere poyerekeza kuti zidule zosachepera 13.5 pa 100 za mu PubMed za 2024 zidadutsa m'makina. Njira imeneyi ndi yabwino poyeza mulu wa zidule mamiliyoni. Siingaweruze munthu mmodzi. Mmalawi amene adaphunzira Chingerezi cha m'kalasi, cha makalata a ku ofesi ndi cha mabuku akale, amatha kulemba mawu omwewo mwachibadwa chake.

Mapulogalamu omwe amati amazindikira zolemba za makina ndi oipirapo. Ofufuza a ku Stanford, motsogozedwa ndi Weixin Liang, adayesa mapulogalamu 7 otere mu 2023 pa zolemba 91 za ophunzira omwe Chingerezi si chiyankhulo chawo choyamba. Zoposa theka zidaweruzidwa kuti ndi za makina, pomwe zolemba za ana a sukulu a ku Amereka zidazindikiridwa bwino pafupifupi zonse. Chifukwa chake n'chomveka: mapulogalamuwo amakayikira zolemba za mawu ochepa ndi ziganizo zosavuta kulosera, ndipo umu ndi momwe munthu wosamala amalembera m'chiyankhulo chachiwiri. Motero namwino amene walemba yekha pepala lake loyamba usiku atachoka ku wodi akhoza kutchedwa wachinyengo, pomwe wina amene adapeketsa zonse n'kuuza makinawo kuti akometsere mawu amadutsa. Mkonzi amene akana pepala chifukwa cha nambala yotuluka m'pulogalamu yotere wachita ulesi womwewo umene akuudzudzula.

Palinso china chomwe chimaiwalika. Kugwiritsa ntchito makina pokonza Chingerezi sikudaletsedwe. Bungwe la akonzi a magazini a zachipatala la ICMJE lidaonjezera pa malangizo ake mu 2023 kuti makinawa sangalembedwe ngati mmodzi wa olemba pepala, kuti amene wawagwiritsa ntchito anene poyera momwe wachitira, ndipo kuti udindo pa chiganizo chilichonse umakhalabe pa munthu. Kwa wofufuza amene alibe ndalama zolipira wokonza chiyankhulo, chithandizo chimenechi n'chenicheni. Malire ake ali poonekera. Kupatsa makina ndime yomwe munthu walemba kale, kenako kuyerekeza zomwe zatuluka ndi tebulo nambala ndi nambala, ndi kukonza. Kuwapatsa mutu n'kuwauza alembe chidule kapena apeze mapepala otchula, ndi kupeketsa. Ngakhale pokonza pomwe pamafunika diso, pakuti makina amakonda kulimbitsa mawu: pomwe wolemba adati zinthu ziwiri zimapezeka limodzi, iwo amatha kulemba kuti china chimayambitsa chinzake.

Wounika wabwino akakayikira salemba kuti pepalali lalemba ndi makina, chifukwa sangathe kutsimikiza ndipo sizithandiza. Amafunsa mafunso omwe amene adagwira ntchitoyo angayankhe m'mphindi zochepa. Pa chitsanzo cha Dedza chija angalembe kuti: 38.9 pa 100 siikugwirizana ndi ana 120, tumizani nambala ya ana omwe adapezeka ndi malungo ndi nambala yogawira. Tchulani zipatala zomwe anawo adachokera ndipo mugawe zotsatira za kumtunda ndi za kunsi. Fotokozani chifukwa chomwe Juni ndi Julayi akutchedwa nyengo ya malungo ambiri. Tumizani mapepala achitatu ndi achisanu ndi chiwiri pa mndandanda wanu, omwe sakupezeka. Perekani nambala ya chilolezo cha COMREC kapena NHSRC. Angafunsenso ngati panali milungu yomwe zoyezera magazi zidatha, ndi momwe ana omwe adabwera m'milungu imeneyo adawerengedwera.

Funso lomalizali limasiyanitsa olemba msanga. Amene adakhala ndi makaundulawo amadziwa tsamba lomwe lidanyowa, mwezi womwe mzere wa zotsatira udali wopanda kanthu, ndi mlangizi amene ankalemba msinkhu wa mwana m'miyezi pomwe anzake ankalemba m'zaka. Amayankha ndi ndime yaitali, nthawi zina ya Chingerezi chopunduka, ndipo zomwe wayankhazo zimalowa m'gawo la zofooka za kafukufuku, lomwe poyamba lidali ndi mizere iwiri yokha. Mapepala awiri osapezeka aja amawachotsa n'kupepesa, ndipo chidule amachilembanso kuchokera pa tebulo. Winayo kawirikawiri amatumiza tsamba lina losalala lothokoza wounika chifukwa cha ndemanga zake zothandiza, koma nambala ya ana omwe adapezeka ndi malungo mulibe.